Masabata oyamba pa mankhwala a Kolozapini

Kolozapini amaperekedwa kwa wodwala misala ya sikizofireniya pamene mankhwala ena a mitundu iwiri alephera. Asanayambe kumwa, dokotala amayeza mtima ndi magazi, chifukwa mankhwalawa amatha kuchepetsa maselo oyera omwe amalimbana ndi majeremusi. Ku Britain magaziwo amayezedwa sabata iliyonse kwa masabata 18, kenaka pa masabata awiri alionse mpaka chaka chikwane. Kutentha thupi kapena zilonda zakukhosi zikabwera, magazi ayezedwe tsiku lomwelo.

Tsiku loyamba wodwala amamwa mamiligalamu 12.5 okha. Mlingo umakwera pang'onopang'ono, mwina mpaka 300 patsiku m'masabata awiri kapena atatu, poti kuthamangira kumagwetsa BP ndipo munthu akhoza kukomoka. Amene wafika pa 200 n'kudumphitsa maola oposa 48 asapitirize pomwe analekezera; amayambiranso pa 12.5.

Kudzimbidwa ambiri amakuchepsa, komatu kumapha. Mankhwalawa amafooketsa matumbo mpaka chimbudzi kutsekeka. Madzi ambiri ndi ndiwo zamasamba zimathandiza, koma nthawi zambiri pamafunikanso mankhwala ofewetsa chimbudzi. Mimba ikatupa, kupweteka, munthu n'kumasanza, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala msangamsanga.

Kutupa kwa mnofu wa mtima kumabwera makamaka m'miyezi iwiri yoyamba, ndipo kumayamba ngati chimfine: kutentha thupi, kufooka, mtima kuthamanga munthu ali chikhalire, befu ndi kupweteka pachifuwa. Dokotala akakayikira, amaimitsa mankhwala pomwepo n'kuyeza CRP ndi toroponini m'magazi.