Kalata yochenjeza za kujomba: iyankheni tsiku ndi tsiku

Envulopu imabwera nthawi yoweruka, anzako akutseka kale madirowa. Mkati muli pepala limodzi la chidindo cha kampani, lonena kuti mwakhala mukujomba pafupipafupi, ndipo mukapitiriza mudzalandira chilango chachikulu. Ambiri akaiwerenga amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri: kuipinda n'kuibisa m'chikwama ngati palibe chachitika, kapena kukhala pansi usiku womwewo mtima uli phuphuphu n'kulemba masamba atatu odandaula kuti bwana amawazonda. Njira zonse ziwirizi zimapweteka mwini wake, chifukwa kalata yochenjeza imakalowa m'failo, ndipo yankho lake limakakhala pambali pake mpaka tsiku limene wina adzatsegule failoyo kuti agamule za ntchito yanu.

Lamulo la zantchito la Malawi la chaka cha 2000 likutchula kalata yochenjeza ngati chimodzi mwa zilango zimene wolemba ntchito angapereke, pamodzi ndi kuimitsa munthu kwa kanthawi ndi kumutsitsa paudindo. Zimenezi zili mu ndime 56. Ndime 59 ndiye yoopsa: kujomba popanda chilolezo kapena popanda chifukwa chomveka ndi umodzi mwa milandu imene munthu angachotsedwere ntchito osapatsidwa notisi. Koma ndime 57 ikuti wantchito asachotsedwe pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, komanso kuti kusapezeka pantchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chomuchotsera. Choncho nkhani yonse yagona pa mawu akuti chilolezo ndi chifukwa chomveka, ndipo yankho labwino limayesa tsiku lililonse ndi muyeso umenewu.

Tiyerekeze mayi wolandira ndalama pa sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Limbe, yemwe wagwirapo zaka zitatu ndipo amakhala ku Bangwe. Kalata yake ikuti anajomba masiku 7 m'miyezi ya Malichi ndi Epulo. Asanagwire cholembera, ayenera kupempha kuona buku losainamo pofika, atenge kabuku kake ka kuchipatala, afufuzenso mauthenga a m'foni mwake. Akatero masiku 7 aja amasiya kukhala mulu umodzi.

Pa 3 ndi pa 4 Malichi anadwala malungo, ndipo m'kabuku muli deti, zotsatira za magazi ndi siginecha ya dokotala. Pa 17 Malichi mwana anatentha thupi usiku, mayiyo n'kulawirira naye kuchipatala. Uthenga anatumiza kwa mnzake wa pakauntala, osati kwa kapitawo. Pa 7 ndi pa 8 Epulo anali kumaliro a amalume ake ku Thyolo: anapempha tsiku limodzi, koma mwambo wa m'manda utachedwa anagona komweko osaimba foni. Pa 22 Epulo anapita kukathamangira ngongole ya banki m'khonde, osauza aliyense. Tsiku lotsala, 11 Epulo, sanajombe n'komwe: anatumidwa kukawerenga katundu kunyumba yosungiramo zinthu, ndipo dzina lake lili m'buku la kumeneko.

Apa pali malo amene anthu ambiri amapunthwa. Tchuthi cha matenda chimene ndime 46 ikupereka kwa amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito, chomwe ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro pachaka, ndi cha matenda a wantchito mwini, ndipo chimafuna chikalata cha dokotala wovomerezeka. Kudwazika mwana ndi chifukwa chimene munthu aliyense wamtima angachimve, koma sichilowa m'tchuthi chimenechi. Za maliro nazo zimatengera malamulo a pakampani ndi mgwirizano umene munthu anasainira. Mayiyu akalemba kuti masiku onsewo anali ufulu wake, mkulu woona za antchito adzamutsutsa mosavuta, ndipo ngakhale masiku a malungo aja adzayamba kukayikiridwa.

Kalata yake isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba alembe deti ndi mutu wotchula kalata imene akuyankha. Kenako ayambe mwaulemu: "Bwana, ndalandira kalata yanu yondichenjeza za kujomba, ndipo ndikufuna kufotokoza za tsiku lililonse limene mwatchula." Za 3 ndi 4 Malichi anene kuti anadwala, ndipo waphatikiza fotokope ya tsamba la kuchipatala. Kabuku kenikeniko asapereke. Fotokope ya tsamba lokhudza masikuwo ndi yokwanira, ndipo mbiri yonse ya matenda ake si ya muofesi. Za 11 Epulo apemphe mofatsa kuti buku la kosungira katundu lionedwe ndipo tsikulo lichotsedwe. Mawu akuti "mwandinamizira" asapezekemo.

Gawo lovuta ndi la masiku otsalawo, ndipo ndi limene limapatsa kalatayo kulemera. Pa 17 Malichi chifukwa chinalipo koma njira inalakwika, ndiye alembe choncho: "Ndinauza mnzanga m'malo mouza akapitawo. Kumeneko ndinalakwitsa." Pa 8 Epulo avomere kuti anapyola tsiku limene analoledwa. Pa 22 Epulo pamafunika kulimba mtima: "Tsiku limeneli ndinapita ku zanga popanda chilolezo, ndipo ndilibe chodzikanira. Ndikupepesa." Chiyeso chimakhala chachikulu choti munthu apeze dokotala womudziwa amulembere kapepala, kapena aphe agogo amene anamwalira kalekale. Kuchita zimenezo n'kusandutsa mlandu wa kujomba kukhala wa chinyengo, ndipo chinyengo chikaululika, mabwana ambiri sachenjezanso kachiwiri.

Pomaliza pabwere dongosolo la kusintha. Mawu akuti "sindidzachitanso" kapena "ndiyesetsa" sathandiza, poti palibe angawayeze, komanso mwana adzadwalanso ndipo maliro sapangana. Cholonjeza chikhale chimene kapitawo angachione ndi maso. Mayiyu angalembe kuti pakagwa zadzidzidzi adzaimbira akapitawo okha isanakwane 7 koloko m'mawa, n'kutumizanso uthenga wolemba. Kuti wagwirizana ndi mchemwali wake wa ku Namiyango kuti azithandiza kupita ndi mwana kuchipatala. Kuti zofuna zake zodziwikiratu azizipempha masiku atatu zisanafike. Popeza amagwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, lamulo limamupatsa masiku 18 a tchuthi pachaka, ndipo angapemphe kuti masiku a 17 Malichi ndi 8 Epulo achotsedwe pamenepo ngati abwana angalole. Atsirize ndi pempho loti pakatha miyezi itatu adzakhale pansi ndi akapitawo kuona buku losainamo.

Ngati gwero la kujomba ndi lokhalitsa, monga kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, ndi bwino kunena kuti pali tsiku la kuchipatala lobwerezabwereza n'kupempha kusinthana shifiti, kusiyana ndi kulonjeza zosatheka n'kudzaswa lonjezo mwezi wotsatira.

Kalatayo ipite mkati mwa masiku amene atchulidwa m'chenjezo. Ngati sanatchule, masiku awiri kapena atatu asadutse. Mayiyu asindikize makope awiri, apereke imodzi, ndipo wolandirayo asaine ndi kulemba deti pa inayo. Ngati pamalopo pali bungwe la antchito, mthumwi wake aione isanaperekedwe. Kope yosainidwayo isungidwe kunyumba pamodzi ndi kalata yochenjeza, chifukwa nkhani ikadzafika ku ofesi ya leba ya m'boma kapena ku khoti la zantchito, mapepala awiriwa adzakhala m'gulu la zoyamba kufunsidwa.