Wednesday ndi d Wobisala

Mphunzitsi akamawerengera ana mawu oti alembe, ambiri amalemba Wensday. Khutu silinawanamize: Angelezi eniake satchula d woyamba uja, ngakhalenso e wapakati. Ife tinazolowera Chichewa, chimene timalemba momwe timamvera, ndiye msampha umatikola msanga.

Chilembocho si chokongoletsera. Tsikuli linatchedwa dzina la Woden, mulungu wa Angelezi akale. Pakamwa panafupikitsa dzinalo, koma pepala linasunga d wake.

Government nayenso amameza n wapakati. Muchotsereni mchira ment, patsala govern, n uja ali poyera.

Polemba, tchulani mumtima zidutswa zitatu mwachichewa: Wed, nes, day. Koma polankhula musatero, angakusekeni.