Momwe mawu a aphunzitsi amasandukira mfundo za kafukufuku

Lipoti la kafukufuku likamati "aphunzitsi akuti ana achuluka m'makalasi", owerenga ambiri amaganiza kuti wofufuza anangomva mawuwo n'kuwalemba. Sizikhala choncho. Amene wacheza ndi aphunzitsi 12, aliyense kwa ola limodzi, amayamba walemba zonse zimene anajambula, liwu ndi liwu, ndipo ola limodzi la macheza limatha kumudyera maola anayi kapena kuposa. Akamaliza amakhala ndi mulu wa mapepala. Ntchito yeniyeni imayambira pamenepo.

Njira imene ofufuza ambiri amatsata inalongosoledwa bwino mu 2006 ndi akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Virginia Braun ndi Victoria Clarke, amene anaigawa m'magawo asanu ndi limodzi. Gawo loyamba ndi kuwerenga zonse mobwerezabwereza, osathamangira kugamula. Lachiwiri ndi kuika zizindikiro: pambali pa chiganizo chilichonse chogwirizana ndi funso la kafukufuku, wofufuza amalemba mawu ochepa onena zimene zili mmenemo.

Tiyerekeze kuti kafukufukuyu ndi wa aphunzitsi a Sitandade 2 m'sukulu za boma ku Malawi, kumene makalasi anadzaza kwambiri maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994. Mphunzitsi wina akuti, "Ndimachonga makope a amene abwera nawo msanga, enawo belu limalira." Chizindikiro chake chingakhale "kuchonga makope ena okha". Wina akuti, "Akumbuyo aja ena sindiwadziwa ndi mayina omwe." Apa tilemba "kusadziwa ana akumbuyo". Wachitatu akuti, "Amene akuvutika kuwerenga ndimawabweretsa kutsogolo, koma malo ndi ochepa." Ichi ndi "kusintha malo okhala". Chizindikiro chabwino chimakhala pafupi ndi zimene munthu wanena. Wofufuza akalemba "mavuto" pa ziganizo zitatu zonsezi, wafafaniza kusiyana kwake, ndipo sadzakupezanso.

Kenako zizindikiro zija zimaunjikidwa, zofanana pamodzi. Ena amachita izi pa kompyuta ndi mapulogalamu monga NVivo kapena ATLAS.ti, ena amadula timapepala n'kutiyala pamphasa. Pulogalamu imangosunga ndi kusanja. Kuganiza kumatsalabe kwa munthu.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amatenga zizindikiro zitatu zija n'kuzipatsa mutu wakuti "Kuchuluka kwa ana". Umenewu ndi mutu wa nkhani chabe, sunanene kanthu. Nthawi zambiri umakhalanso funso lomwelo limene wofufuza anafunsa, atangolitembenuza. Njira yodziwira ndi yosavuta: ikani mitu ya lipoti pambali pa mndandanda wa mafunso. Zikafanana mzere ndi mzere, ndiye kuti mayankho angosanjidwa, sanasanthulidwe.

Tiyang'anenso ziganizo zitatu zija. Wochonga makope, wosadziwa mayina ndi wosintha malo akunena chinthu chimodzi chimene palibe mwa iwo anachitchula: tsiku lililonse mphunzitsi amakakamizika kusankha ana oti awathandize ndi oti awasiye. Imeneyo ndiyo mfundo yaikulu. Ili ndi chonena, munthu angathe kuivomereza kapena kuitsutsa, ndipo imasonkhanitsa mawu ochokera pa mafunso osiyanasiyana. Kwa ine, mfundo yotereyi ndi imene imalemekeza aphunzitsi, chifukwa imaonetsa ntchito imene akuigwira m'kalasi, osangoti madandaulo awo.

Mfundo ikapezeka iyenera kuyesedwa. Wofufuza amabwerera ku mapepala onse, kufunafuna makamaka mawu osagwirizana nayo. Tinene kuti mphunzitsi mmodzi anati iye amaika ana m'magulu, odziwa kuwerenga n'kumathandiza anzawo, ndipo palibe amatsalira. Mtima umafuna kuwabisa mawu amenewa chifukwa akusokoneza nkhani. Sayenera kubisidwa. Mwina akusonyeza kuti mfundoyo iwongoledwe, ikhale yonena za njira zimene aphunzitsi amagawira nthawi yawo yochepa, kusiya ana ena ikhale imodzi chabe mwa njirazo. Wofufuza aonenso ngati mawu onse a pansi pa mfundoyo sakuchokera kwa munthu mmodzi wolankhulitsa, kapena ku sukulu imodzi yokha.

Njirayi ili ndi malire ake. Aphunzitsi 9 mwa 12 akatchula chinthu, sizitanthauza kuti aphunzitsi ambiri m'dziko lonse amaganiza choncho, popeza 12 aja sanasankhidwe kuti aimire onse. Ndiponso macheza amatiuza zimene aphunzitsi amanena, osati zimene zimachitikadi m'kalasi. Wofuna kudziwa zimenezo akakhale m'kalasimo n'kuonerera. Polemba lipoti, mfundo iliyonse imatsagana ndi mawu enieni a aphunzitsi angapo kuti wowerenga adziweruzire yekha, koma mayina awo ndi a sukulu zawo amachotsedwa. M'dera laling'ono kungotchula kalasi ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito kungamuulule kwa mphunzitsi wamkulu, choncho nazonso zimabisidwa.