Trakoma ku Nkhotakota: mankhwala anagwira ntchito, zatsala ndi nkhope ndi chimbudzi

Mu Seputembala 2022, Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse linalengeza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya maso ya trakoma, dziko loyamba kutero kummwera kwa Africa. Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma amene anthu ake anamwa azitromaisini mudzi ndi mudzi. Koma kugonjetsa kumeneku sikutanthauza kuti kachilombo katheratu. Kukutanthauza kuti mwa ana 100 a zaka 1 mpaka 9, odwala sakufika asanu.

Mlingo umenewu ndi umene unkalamula kuti amwe ndani. Odwala akafika asanu pa 100, dera lonse linkamwa kamodzi pachaka, ngakhale amene maso awo ali bwinobwino, chifukwa ambiri amasunga kachilomboka osadziwa. Alangizi a zaumoyo ankaimika mwana pandodo yoyezera msinkhu m'malo mwa sikelo. Muyezo wake ndi mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse: mwana wolemera makilogalamu 10 amamwa mamiligalamu 200, omwe ndi mamililita 5 a mankhwala amadzi. Wamkulu amamwa mapiritsi anayi nthawi imodzi, basi. Mwana wamng'ono asakakamizidwe kumeza piritsi, angatsamwe.

Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi silimwa. Ilo amalipaka tetrasaikilini m'maso kawiri patsiku kwa milungu isanu ndi umodzi. Wodwala kwambiri, kapena amene anatupapo thupi atamwa mankhwalawa, asamwe, ndipo mayi woyembekezera ayambe wauza achipatala.

Lero kugawa kwa mudzi wonse kunatha, ndipo si diso lililonse lofiira lomwe lili ndi trakoma. Wachipatala amatembenuza chikope chapamwamba n'kuona timatuza toyera mkati mwake. Kugula mapiritsi pamsika mwana akangodzuka ndi manthongo n'kuwononga mankhwala abwino.

Chomwe azitromaisini sangachite ndi kuletsa nthenda kubwerera. Kudwala kamodzi sikuchititsa khungu. Kudwaladwala paubwana ndiko kumasiya zipsera m'chikope, mpaka munthu atakula nsidze zimapindikira mkati n'kumakanda diso. Zikafika apa piritsi silithandizanso, ndipo kuzula nsidze n'kongopumulitsa pang'ono. Pamafunika opaleshoni yaing'ono ya chikope. Amayi ndiwo amavutika kwambiri, poti mwana amene wapukutidwa ndi chitenje, chitenje chomwecho chimapukutanso nkhope ya mayi.

Kugombe, monga ku Chia kapena ku Ngala, madzi si vuto. Vuto ndi mchenga umene umagumula zimbudzi mvula ikagwa. Ntchentche yonyamula trakoma imaswana pa chimbudzi cha munthu chosiyidwa pamtunda, osati m'dzenje, ndipo imathamangira manthongo ndi mamina. N'chifukwa chake chimbudzi chakumchenga chiyenera kuwakidwa ndi njerwa kuyambira pansi, ndipo mwana asambitsidwe kumaso ndi sopo m'mawa ndi madzulo, osabwerekana chopukutira.

Ngati kunyumba kwanu kuli agogo amene nsidze zikuwalasa m'diso, musadikire kuti diso liyere. Pitani nawo kuchipatala cha boma ku Nkhotakota sabata ino.