Sabata imene banki mkhonde sikumana pa tsiku lake

Msonkhano wa sabata ndi sabata umayenda popanda kuitanira. Gulu la banki mkhonde likagwirizana kuti lizikumana Lachinayi lililonse 2 koloko masana, palibenso amene amalengeza za tsikulo. Aliyense amakonza za kumunda, za kumsika ndi za ana polidziwa, ndipo mapazi amangopita okha pamalopo. Vuto limabwera sabata imodzi imene msonkhanowo sungachitike, chifukwa chizolowezi chomwecho chimene chimasonkhanitsa anthu ndi chimene chimawafikitsa pakhonde lopanda munthu.

Zifukwa zake zili pawiri. Zina zimadziwika kale, monga masiku a tchuthi: 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Masiku amenewa mlembi angawaone pakalendala gulu likungoyamba chaka chake chosunga ndalama, ndipo nkhani yake imayenera kukambidwa pamsonkhano wa sabata yapambuyo pake, onse ali pomwepo. Zifukwa zina zimagwa mwadzidzidzi. Chachikulu ndi maliro, pakuti m'mudzi mukagwa zovuta palibe amene angatsegule bokosi la ndalama anzake ali kusiwa. Mvula yodzaza mtsinje nayo imatha kudula mamembala a tsidya lina.

Chinthu choyamba chimene atsogoleri ayenera kusankha ndi ichi: kodi msonkhanowo ukudumphidwa kapena ukusunthidwa? Anthu ambiri amaziphatikiza ponena kuti "msonkhano walephereka", koma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kudumpha ndiye kuti sabata imeneyo kulibe msonkhano, gulu lidzakumananso pa tsiku lake sabata yotsatira. Kusuntha ndiye kuti msonkhano womwewo uchitikabe, koma pa tsiku lina kapena nthawi ina, kamodzi kokhako. Pali chachitatu, kusinthiratu tsiku lokumanira, chimene sichiyenera kubwera mozemba. Gulu likasuntha msonkhano kupita Loweruka kawiri motsatizana popanda kulongosola, ena amayamba kukhulupirira kuti tsiku lasintha, ndipo Lachinayi lotsatiralo theka la anthu silioneka.

Pa banki mkhonde kusankhaku kumakhudza ndalama. M'njira imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, yomwe magulu ambiri kuno amatsata, membala amagula masheya kuyambira imodzi mpaka zisanu pamsonkhano uliwonse, ndipo bokosi limakhala ndi maloko atatu amene makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana. Choncho kusuntha msonkhano kumatheka pokhapokha osunga makiyi atatu onsewo, wosunga bokosi ndi mlembi angafike pa tsiku latsopanolo. Mmodzi akasowa, anthu adzasonkhana koma bokosi silitseguka. Wapampando wanzeru amayamba wafunsa anthu asanuwa asanalengeze tsiku kwa gulu.

Chitsanzo ndi gulu la anthu 20 lokumana Lachinayi, sheya imodzi ili pa K1,000. M'chaka cha 2026, tsiku lokumbukira Kamuzu, 14 Meyi, likugwa Lachinayi, ndipo mamembala ambiri akhala atachokapo. Gulu likasankha kudumpha, msonkhano wotsatira ndi wa pa 21 Meyi, ndipo pali mafunso oyenera kuyankhidwa pa 7 Meyi pomwepo. Mayi amene amagula masheya asanu sabata iliyonse, kodi pa 21 Meyi aloledwa kugula khumi a K10,000, kapena malire a zisanu akhalabe? Bambo amene ngongole yake imayenera kubwezedwa pa 14 Meyi, kodi akabweza pa 21 Meyi aonedwa ngati wachedwa? Chilungamo chake n'chakuti munthu asalipire chindapusa kapena chiwongoladzanja choonjezera pa kuchedwa kumene gulu lomwe lachititsa, koma zimenezi zikapanda kulembedwa m'buku la mlembi zimadzabala mkangano pa tsiku logawana. Palinso amene amayembekeza kukongola pa 14 Meyi kuti akaode katundu wa geni. Ameneyu kudumpha kumamupweteka kuposa wina aliyense, ndipo kawirikawiri ndiye chifukwa chokwanira chosankhira kusuntha, kunena kuti msonkhano uchitike Lachisanu pa 15 Meyi.

Kusuntha nako kuli ndi mtengo wake. Lachisanu ndi tsiku la mapemphero kwa Asilamu, Loweruka ndi Sabata kwa a Seventh Day, ndipo tsiku la msika limasiyana dera ndi dera. Membala amene walephera kufika pa tsiku latsopano sanaphwanye pangano lililonse, pakuti iye anavomera za Lachinayi. N'koyenera kuti chindapusa cha kujomba chisagwire ntchito pamsonkhano wosunthidwa, ndipo wolepherayo aloledwe kutumiza ndalama zake kudzera mwa mnzake ngati malamulo a gulu amalola.

Uthenga wodziwitsa anthu ndi pamene zambiri zimasokonekera. Mawu onga "Lachinayi likubwerali" kapena "sabata yamawa" amadalira tsiku limene munthu wawamva. Uthenga wotumizidwa Lamlungu ukawerengedwa Lachitatu, pamene foni yapeza moto kapena bandulo, tanthauzo lake limakhala litasuntha. Uthenga wabwino umatchula dzina la tsiku pamodzi ndi deti, umayamba ndi chimene chalephereka, ndipo umatsiriza ndi tsiku limene zinthu zibwerere mwakale. Ungalembedwe chonchi: "Mamembala nonse, Lachinayi pa 14 Meyi kulibe msonkhano chifukwa cha tchuthi. Tikumana Lachisanu pa 15 Meyi, 2 koloko masana, malo omwewo. Obweza ngongole abweze tsiku limenelo, palibe chindapusa. Kusinthaku n'kwa sabata ino yokha. Lachinayi pa 21 Meyi tikumana monga mwa nthawi zonse." Chiganizo chomalizacho ndi chimene ambiri amaiwala, pamene ndicho chimateteza sabata zotsatira.

Uthenga uchokere kwa munthu mmodzi, makamaka mlembi, ndipo utumizidwe tsiku litatsimikizika. Kukambirana masiku pagulu la WhatsApp kumasiya madeti atatu kapena anayi akuyandama, ndipo aliyense amagwira limene analiona pomaliza. Si onse ali ndi foni ya WhatsApp, si onse amawerenga, choncho ena amafunika uthenga wa mawu, kuimbiridwa, kapena mnansi wowafikira pakhomo. Njira yodalirika ndi yakuti mlembi atenge mndandanda wa mayina n'kumachonga amene wayankha kuti wamva. Kutumiza uthenga si umboni wakuti wafika. Pa maliro, pamene nthawi yachepa, kudumpha n'kosavuta kulengeza kuposa kusuntha, ndipo magulu ena amachita bwino kuikiratu m'malamulo awo kuti m'mudzi mukagwa maliro msonkhano wa sabata imeneyo kulibe, zonse zidikire tsiku lotsatira. Lamulo lotere limafika kwa aliyense popanda foni.

Amene amasunga misonkhano yobwerezabwereza pa Google Calendar amakumana ndi kusankha komweku pafoni. Munthu akafuna kusintha kapena kufufuta msonkhano wotere, amafunsidwa kusankha pakati pa `This event`, `This and following events` ndi `All events`. Podumpha kapena posuntha sabata imodzi, choyenera ndi `This event` basi. Chachiwiricho chimakhudzanso masabata onse a kutsogolo, ndipo chachitatu chimakhudza ndondomeko yonse. Akamaliza, ayang'ane sabata yotsatira pakalendalapo: ngati Lachinayi pa 21 Meyi msonkhano ukuonekabe pa 2 koloko, ndiye kuti wasintha tsiku limodzi lokhalo.