Kanema wanu anthu akumuthawira pati?

Chiwerengero cha anthu amene aonera kanema sichinena kuti anakafika pati. Zimenezo mumazipeza mu YouTube Studio, pa Analytics, pomwe pali galafu ya Audience retention. Mzere wake umayambira kumanzere pa sekondi yoyamba, n'kumatsika anthu akamachoka.

Tiyerekeze mwajambula kanema wa masekondi 40 wa kakazingidwe ka zitumbuwa. Pofika sekondi yachitatu, mwa anthu 100 alionse mwatsala 55. Apatu zitumbuwa zilibe mlandu, anthuwo sanazione n'komwe. Kawirikawiri amawathamangitsa ndi malonje aja: "Muli bwanji nonse, takulandiraninso..." Malonje ndi abwino pakhomo, koma chala cha munthu amene ali pafoni sichidikira. Yambani chitumbuwa chili m'mafuta, moni abwere pambuyo.

Mzere ukamatsetsereka pang'onopang'ono musade nkhawa, ndi mmene zimakhalira. Chofunika kuchifufuza ndi phompho. Ngati pa sekondi 18 wagwa mwadzidzidzi, katseguleni kanemayo pomwepo, mubwerereko masekondi awiri. Mwina mwakhalitsa mukukanya nthochi popanda chatsopano, mwina mphepo yaphimba mawu. Mwinanso mwaulula kale muyezo wa mgaiwa, ndiye munthu wapeza chomwe amafuna, basi wapita.

Pamene mzere watumphuka, anthu amabwereza. Akhoza kukhala kuti pawasangalatsa, kapena munalankhula mothamanga sanamve.

Koma kanema amene aonera anthu 30 okha, mwina theka ndi abale, musamuweruze msanga. Dikirani achuluke, muyerekeze ndi makanema anu ena otalika mofanana.