Tchuthi chikutha koma zakumudzi sizinathe: mungapemphe bwanji masiku owonjezera?

Tchuthi chimene abwana anasainira chili ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo silisuntha lokha. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limalola olemba ntchito kuchotsa munthu popanda notisi ngati wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. N'chifukwa chake masiku owonjezera amapemphedwa tchuthi chisanathe, osati Lolemba m'mawa anzanu atayamba kale kufunsana kuti muli kuti.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Blantyre amene amagwira ntchito masiku 5 pa sabata. Lamulo limamupatsa masiku 15 a tchuthi cholipidwa pachaka, pomwe wogwira masiku 6 pa sabata amalandira 18. Mayiyu watenga masiku 10 n'kupita kwawo ku Ntchisi, koma sabata yachiwiri itangoyamba, amayi ake agonekedwa m'chipatala ndipo wowadikirira ndi iye. Akufuna masiku 8 ena.

Ayambe wawerenga zimene zatsala. M'buku la tchuthi ali ndi masiku 5 okha, ndiye kuti atatu enawo apemphe ngati tchuthi chosalipidwa, pokhapokha ngati malamulo a kampani yake ali ndi masiku apadera a matenda kapena maliro a m'banja. Tchuthi cha matenda sichilowapo apa, poti chimaperekedwa wantchito mwiniwake akadwala, ndipo pamafunika kalata ya dokotala. Kwa mayi amene ali pa tchuthi cha uchembere, chomwe ndi masabata 8, nkhani ndi ina: dokotala akatsimikiza kuti iye kapena mwana akudwala chifukwa cha pakati kapena kubereka, lamulo likuti awonjezeredwe masiku, ngakhale kuchuluka kwake amagamula ndi olemba ntchito.

Pempho lipite Lolemba kapena Lachiwiri la sabata yomalizayo, kuti abwana akhale ndi mpata wouza amene akugwirizira ntchito. Aimbe foni, kenako alembe kalata kapena uthenga kwa yemwe anavomereza tchuthi choyambacho, ndipo aofesi yoona za antchito alandirenso. M'kalatamo atchule tsiku limene amayenera kubwerera, tsiku latsopano, chifukwa chake, ndiponso kuti masiku 5 achotsedwe pa tchuthi chapachaka, atatu akhale osalipidwa. Mawu oti "ndibwera zikakhala bwino" amavuta kusainira chifukwa alibe tsiku.

Pomwe ambiri amagwera m'mbuna ndi pakuyesa kuti kukhala chete kwa abwana ndiko kuvomera. Uthenga kungowerengedwa si yankho, ndipo "tiona" wa pa foni alibe umboni. Ngati Lachinayi lafika kuli zii, mayiyu aimbenso ndi kupempha yankho lolembedwa. Akakanizidwa, angapemphe masiku ochepa, mwina asanu otsalawo. Zonse zikakanika, tsiku loyamba lija ndi limene likugwirabe ntchito, choncho apeze wachibale womulandira kuchipatala n'kukwera basi Lamlungu.